Mausi Ikamakana Kuwoloka Kupita pa Sikirini Yachiwiri

Mwalumikiza monita ku laputopu, zonse zayaka bwinobwino, koma kamuvi ka mausi kakuchita zake. Monita ili kumanzere kwanu, koma mukakankhira mausi kumanzereko kamuvi kakungoima pamalire ngati mbuzi yapachingwe. Mukakankhira kumanja, kakusowa, kenako mukukaona katatulukira kumapeto kwenikweni kwa monita ija. Kapena kakuwoloka ndithu, koma nthawi zina zokha: mukadutsira m'mwamba kakupita, mukadutsira m'munsi kakukanirira. Ambiri akaona izi amayamba kugogoda mausi patebulo, ena amakagula ina. Mausiyo ilibe mlandu.

Kompyuta siiona tebulo lanu. Siidziwa kuti monita mwaiika kumanzere, kapena kuti laputopu yakhala pansi pomwe monita yaima pa mwendo wake. Chomwe ili nacho ndi mapu a mabokosi awiri amene ali m'kati mwake, ndipo kamuvi kamatsata mapuwo, osati maso anu. Mapu akasiyana ndi tebulo, dzanja limapita kwina, kamuvi kwina. Ndifotokoza za Windows 10 ndi 11 chifukwa ndi zomwe zili m'maofesi ambiri, ndipo za Mac ndi Linux ndizikhudza pang'ono kutsogoloku.

Tisanafike pa mapuwo, onetsetsani kuti masikirini awiriwo sakuonetsa chithunzi chimodzimodzi. Dinani `Win + P`, kutanthauza batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi P, ndipo kumanja kutuluka zosankha zinayi: PC screen only, Duplicate, Extend ndi Second screen only. Chomwe mukufuna ndi Extend. Duplicate imangobwereza chithunzi chomwecho pawiri, monga timachitira ndi pulojekitala pamsonkhano, ndiye kamuvi kalibe kowolokera. Ngati mwalumikiza mamonita awiri kudzera pa kabokosi kogawa HDMI, kaja kolowa chingwe chimodzi n'kutuluka ziwiri, musataye nthawi ndi Extend. Kabokosi ka mtundu umenewo kamangokopera chithunzi, ndipo kompyuta imaona ngati pali monita imodzi basi. Nthawi zambiri monita iliyonse imafuna bowo lakelake pa kompyuta.

Kamuvi kakulowera mbali yolakwika

Ili ndi vuto la mphindi imodzi. Dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu pa sikirini, musankhe Display settings. Pamwamba muona mabokosi awiri, lina 1, lina 2. Dinani Identify, ndipo nambala yaikulu ionekera pa sikirini iliyonse kwa kanthawi, kuti mudziwe bokosi liti ndi la chiyani. Gwirani bokosi la monita ndi mausi, mulikokere mbali yomwe monitayo ili patebulo, kenako dinani Apply.

Apply ameneyu ndi amene amaiwalika. Munthu amakoka bokosi, n'kuona kuti lakhala pabwino, n'kutseka. Mawa lake akudandaula kuti zabwerera, chonsecho sizinasinthe n'komwe.

Manambala aja asakuvutitseni mutu. Palibe lamulo loti 1 akhale kumanzere, ndiponso 1 sakutanthauza sikirini yaikulu. Ngati mukufuna kuti mapulogalamu azitsegukira pa monita, dinani bokosi lake, mupite pa Multiple displays, muchonge Make this my main display. Zimenezo n'zosiyana ndi malo a mabokosi.

Kakuwoloka pena, pena kakugunda khoma

Apa ndiye pamene pali nkhani yeniyeni, ndipo ndikhalitsapo.

Mayi wina wowerengera ndalama pa ofesi ina anandiitana kuti mausi yawo "imagwira" akamachoka pa monita kubwerera ku laputopu. Laputopu yawo inali ya mainchesi 15.6, ya mapikiselo 1366 m'litali ndi 768 m'mwamba, mtundu uja wadzaza m'mashopu a makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito. Pambali pake panali monita ya mainchesi 24, ya mapikiselo 1920 ndi 1080. Mapikiselo ndi timadontho tating'onoting'ono timene timapanga chithunzi, ndipo mabokosi a pa mapu aja amayezedwa ndi timadontho timeneti.

Nditatsegula Display settings ndinapeza mabokosi atalingana m'mwamba, monga Windows imawaikira kawirikawiri ikangoona monita yatsopano. Tsono werengani nane. Mbali ya monita ndi mapikiselo 1080, mbali ya laputopu ndi 768. Kuchotsera, patsala 312. Mapikiselo 312 a m'munsi mwa monita analibe mnzake tsidya lina. Kamuvi kakafika pamenepo kunalibe kopita, ndiye kamaima. Monita ya mainchesi 24 chithunzi chake chimatalika pafupifupi masentimita 30 kuchoka pansi kufika pamwamba, kotero mapikiselo 312 ndi masentimita 8 ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malirewo linali khoma.

Choipitsitsa n'chakuti khomalo linali pamalo pomwe dzanja lawo linkadutsira. Laputopu inali pansi patebulo, monita ili m'mwamba pa mwendo wake, choncho maso ankawauza kuti njira yopita ku laputopu ili cha kumunsi. Mu Excel namonso timasamba tosinthira mashiti tili pansi, ndiye kamuvi kankakhala kumunsiko tsiku lonse. Mapu ankati khomo lili m'mwamba, tebulo linkati lili m'munsi.

Kudziwa ngati vuto lanu ndi lomweli n'kosavuta. Ikani kamuvi pamalire a sikirini ya mapikiselo ambiri, pakona yam'munsi, ndipo muzikakankhira pang'onopang'ono ku sikirini inayo uku mukukwera nako. Pamene kati phuu kutulukira tsidya lina ndi pamene payambira khomo. Chitaninso chimodzimodzi kuchokera pakona yam'mwamba. Kamuvi kakamaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndi mapu. Kakamaima paliponse, ngakhale pakati pa sikirini, pamenepo ndiye mutha kukayikira batire la mausi kapena galasi la patebulo.

Kukonza kwake ndi kukoka bokosi laling'ono lija kutsika nalo mpaka pansi pake palingane ndi pansi pa bokosi lalikulu. Mukayandikira, limadziphatika lokha pamzere. Khoma la mapikiselo 312 silichoka, limangosamukira m'mwamba, komwe kulibedi laputopu mukayang'ana ndi maso. Dzanja silidabwa kugunda khoma pamalo pamene maso akuona kuti palibe kanthu.

Koma kwa mayi aja sizinathere pomwepo, chifukwa kamuvi kanayamba kuwoloka koma kakudumphira pansi. Ndinatenga lula. Chithunzi cha laputopu chinkayambira masentimita atatu kuchokera patebulo, cha monita chinkayambira masentimita 12. Kusiyana kwa masentimita 9. Panali njira ziwiri. Yoyamba, kutsitsa bokosi la laputopu pa mapu kupyola pansi pa bokosi la monita, kuti mapu anene zoona zenizeni za tebulolo. Kamuvi kakanawoloka mowongoka, koma khomo likanachepa kwambiri, chifukwa malo amene masikiriniwo ankayang'anizana analidi masentimita khumi okha. Yachiwiri, kusintha tebulo kuti lifanane ndi mapu. Ndinasankha yachiwiriyo. Rimu imodzi ya mapepala a A4 imakhuthala pafupifupi masentimita asanu. Marimu awiri pansi pa laputopu anaikweza mpaka m'munsi mwa zithunzi ziwirizo munatsala pang'ono kulingana. Kutaipa pa laputopu yokwezedwa chonchi kumapweteka mikono, ndiye pamafunika kiyibodi yapadera, koma khosi limayamika.

Ena amakonda kuika bokosi laling'ono pakatikati, kuti khoma ligawike: 156 m'mwamba, 156 m'munsi. Ine sindizikonda. Makoma awiri ang'onoang'ono amavuta kuwazolowera kuposa khoma limodzi lodziwika bwino malo ake. Zimathandiza pokhapokha ngati sikirini yaing'onoyo ilidi pakatikati pa inzake mukaiyang'ana.

Amene muli ndi Windows 11 muli ndi mwayi wina. Kuyambira pa mtundu wa 22H2, umene unatuluka mu 2022, pansi pa Multiple displays pali pochonga polembedwa Ease cursor movement between displays. Mukachonga, kamuvi kakagunda khoma lija kamaponyedwa pa sikirini inayo m'malo moima. Windows 10 ilibe zimenezi. Ndi zabwino ndithu, koma zimabisanso mapu olakwika, kotero yambani mwakonza mabokosi kenako muchonge.

Ngati patebulo ndi pothina ndipo laputopu mwaiika kutsogolo kwa monita, chithunzi chake chili m'munsi, mabokosi nawonso asanjikizeni: la monita pamwamba, la laputopu pansi. Masamu ake ndi omwewo, kungoti tsopano mukuwerenga m'litali. 1920 kuchotsa 1366 ndi 554, ndiye apa pakatikati m'poyenera, mapikiselo 277 mbali iliyonse, chifukwa laputopu imakhaladi pakati pa monita.

Kakuwoloka paliponse koma kakudumpha

Vuto ili limasokoneza chifukwa pa mapu zonse zimaoneka zolongosoka. Tengani laputopu ya mainchesi 14 ya mapikiselo 1920 ndi 1080, pambali pa monita ija ya mainchesi 24 ya mapikiselo omwewo. Mabokosi awiriwo amaoneka ofanana ndendende, ngati mapasa, pomwe patebulo ina ndi yaing'ono kwambiri. Khoma palibe. Koma mapikiselo 1080 pa laputopu apanikizana m'masentimita 17 ndi theka, pamene pa monita atambasuka m'masentimita 30. Mukalinganiza m'munsi, kamuvi kodutsira m'munsi kayenda mowongoka, koma kodutsira pamwamba pa laputopu kakatulukira pamwamba pa monita, masentimita oposa 12 kumtunda kwa pomwe maso amakayembekezera.

Pano palibe kakokedwe ka mabokosi kamene kangalinganize malire onse. Mzere umodzi wokha ndi umene ungagwirizane, ndipo ntchito yanu ndi kusankha mzerewo. Sankhani pamene dzanja lanu limadutsira kawirikawiri. Kwa anthu ambiri ndi cha pakati pa sikirini yaing'ono. Kuti muone bwino, tsegulani Notepad, muikoke mpaka theka likhale uku theka uko, pa msinkhu umene mwasankhawo. Yang'anani mzere wapamwamba wa windoyo pamene ukudutsa pamalire. Ngati wathyoka ngati sitepe, sunthani bokosi pang'ono, dinani Apply, muonenso. Kawiri kapena katatu mukhala mwapeza.

Ambiri amaganiza kuti Scale, ija ya 100%, 125% kapena 150%, ingathetse zimenezi. Scale imakulitsa zilembo ndi zizindikiro kuti ziwerengeke, ndipo sikirini iliyonse ili ndi yake, choncho ndi bwino laputopu yotere ikhale pa 150% pomwe monita ili pa 100%. Koma kukula kwa bokosi pa mapu siikhudza. N'chifukwa chake laputopu yaing'ono ya mapikiselo 3840 ndi 2160 imaoneka ngati chimphona pa mapu, monita yaikulu ili kabokosi pambali pake.

Palinso amene amatsitsa Display resolution ya sikirini imodzi kuti mabokosi afanane. Khoma limachokadi, koma zilembo zimayamba kuoneka ngati zanyowa, chifukwa sikirini imaoneka bwino pa mapikiselo ake enieni okha, aja olembedwa Recommended. Kulipira maso tsiku lonse pofuna kuthawa kakhoma kamodzi, ine ndimati n'kudziba.

Pa Mac mapu omwewa ali pa System Settings, Displays, kenako Arrange, ndipo kamzere koyera kali pamwamba pa bokosi limodzi ndi kamene mumakokera ku sikirini yomwe mukufuna ikhale yaikulu. Pa Linux yoyendera X11 mutha kulemba manambala enieni m'malo mokoka ndi dzanja. Makonzedwe a mayi aja, monita kumanzere, laputopu kumanja, zitalingana m'munsi, angalembedwe chonchi:

```
xrandr --output HDMI-1 --mode 1920x1080 --pos 0x0 --primary \
       --output eDP-1 --mode 1366x768 --pos 1920x312
```

Mwamuona 312 uja? Maina a HDMI-1 ndi eDP-1 amasiyana malinga ndi kompyuta. Lembani `xrandr` payokha kuti muone anu. Pa Linux yoyendera Wayland m'malo mwa X11 lamuloli silisuntha masikirini, ndiye gwiritsani ntchito Displays wa mu Settings.

Mwakonza, koma mawa zabwerera

Ngati Apply munadina ndithu koma zikubwererabe, muyenera kudziwa mmene Windows imakumbukirira. Monita iliyonse ikalumikizidwa imadzitchula kwa kompyuta: wopanga wake, mtundu wake, ndi mapikiselo omwe ingathe kuonetsa. Uthenga umenewu umatchedwa EDID, ndipo umadutsa m'chingwe chomwecho cha chithunzi. Windows imasunga mapu osiyana pa gulu lililonse la masikirini lomwe yakumana nalo. Laputopu ndi monita ya kuntchito zili ndi mapu ake, laputopu ndi wailesi yakanema ya kunyumba zili ndi ake. Choncho mukakhala pa desiki ya mnzanu n'kupeza kamuvi kakulowera kolakwika, palibe chawonongeka. Ndi monita yachilendo, konzani kamodzi, ndipo ulendo wotsatira izikumbukira.

Zimavuta pamene uthengawo sukufika. Mamonita ambiri akale ali ndi bowo la VGA lokha, lija la buluu la timabowo 15, pomwe malaputopu a masiku ano ali ndi HDMI, ndiye pakati timaikapo adaputala. Adaputala yotchipa, kapena chingwe cha VGA chimene kamodzi mwa timano take kapindika, chimatha kudutsitsa chithunzi koma osadutsitsa dzina la monita. Zizindikiro zake ndi ziwiri. Monita imakakamira pa mapikiselo ochepa, monga 1024 ndi 768, chithunzi chili chotambalala ngati chakokedwa m'mbali. Ndipo mukatsegula Device Manager, pansi pa Monitors, mumapeza Generic Non-PnP Monitor m'malo mwa Generic PnP Monitor kapena dzina lenileni la monitayo. Mawu akuti Non amenewo akukuuzani kuti kompyuta ikulankhula ndi mlendo wosadzitchula.

Zikatero bokosi la monita pa mapu limasintha kukula malinga ndi mmene chingwe chagwirira tsiku limenelo. Lero ndi 1080, mawa ndi 768, ndipo khomo lomwe munalinganiza dzulo lasuntha. Musayambe ndi kuchotsa madalaivala, timapulogalamu tija tothandiza Windows kuyendetsa zipangizo. Zulani chingwe, muyang'ane timano take powala, muchibwezere n'kumanga timasikuluwu take tiwiri tija. M'maofesi ambiri timangolendewera. Bwerekani chingwe china muyesere, kenako adaputala ina. Ngati monita ili ndi bowo la DVI, lija loyera, chingwe cha HDMI mbali ina DVI mbali ina chimagwira bwino kuposa adaputala ya VGA, chifukwa sipakhala kusandutsa chithunzi kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina. Mukasintha zonsezi vuto likadalipo, ndiye muganizire zoika dalaivala watsopano wa zithunzi wochokera kwa wopanga laputopuyo.

Mukalowetsa chingwe bokosi lachiwiri osaoneka n'komwe, dinani Detect, muonenso kuti monita yaikidwa pa bowo loyenera kudzera pa batani lake la Input kapena Source. `Win + Ctrl + Shift + B` imadzutsanso dalaivala wa zithunzi. Sikirini iphethira kamodzi, ndipo palibe ntchito yomwe itayike. Dziwaninso kuti si bowo lililonse la USB-C lomwe limatulutsa chithunzi. Ena ndi otchajira ndi odutsitsa mafayilo basi, ngakhale chingwe chilowe bwinobwino.

Magetsi akazima

Laputopu imapitirira ndi batire, monita imazima. Chimene chimachitika kenako chimadalira chingwe ndi monita. Nthawi zina kompyuta imazindikira kuti monita yachoka, n'kusonkhanitsira mawindo onse pa laputopu. Izi zimachitika kwambiri ndi chingwe cha DisplayPort, chifukwa monita ngakhale itangogona imatha kuoneka ngati yazulidwa. Magetsi akabwera mumapeza zonse zaunjikana mbali imodzi. Pa Windows 11 chongani Remember window locations based on monitor connection, pomwe paja pa Multiple displays, kuti mawindo azibwerera pamalo pake monita ikayaka. Pa Windows 10 muyenera kuwabweza nokha.

Nthawi zina ndi zosemphana: monita yazima koma kompyuta ikuganizabe kuti ilipo, makamaka ngati pali adaputala imene ikudya magetsi a laputopu n'kumayankha m'malo mwa monita. Kamuvi kamawoloka kulowa mumdima n'kusowa, ndipo ngati monitayo inali sikirini yaikulu, pulogalamu iliyonse yomwe mwatsegula ikukatsegukira komweko. Zulani chingwe, ndipo m'masekondi ochepa zonse zibwerera pa laputopu. Ngati chingwe chili kovuta kufikira, sankhani windo yotayikayo ndi `Alt + Tab`, kenako dinani `Win + Shift` pamodzi ndi muvi wa kumanzere kapena wa kumanja wa pa kiyibodi, ndipo windoyo idumphira pa sikirini imene ikuyaka. Mukhozanso kudina `Win + P` n'kusankha PC screen only, koma mukatero mukumbukire kubwezera pa Extend magetsi akabwera, chifukwa Windows imasunga zomwe mwasankhazo pa monita imeneyo, ndipo mawa mudzaipeza ili bii ngakhale nyali yake ikuyaka.